Mzere Wokwera pa Pepala: Mbiri ya Tchati cha Kutentha kwa Thupi la Mayi

Kuti mwana amachokera ku dzira la mayi, akatswiri a ku Ulaya anali atadziwa kale pofika pakati pa zaka za m'ma 1800. Chimene chinkawazunguza mutu chinali tsiku limene dziralo limatuluka m'thumba lake. Ambiri ankakhulupirira kuti limatuluka nthawi ya msambo, chifukwa ankaona agalu aakazi akutaya magazi pang'ono pa nyengo yokweredwa, n'kuganiza kuti munthunso ndi chimodzimodzi. Maganizo olakwikawa anakhala m'mabuku a madokotala kwa zaka zambiri, ndipo mabanja ena ankalangizidwa kuti pakati pa mwezi ndi pamene mayi sangatenge pathupi, chonsecho ndi pomwe pali chonde chenicheni. M'kati mwa mayi wamoyo munalibe poonera. Chizindikiro choyamba chodalirika chinabwera ndi kachipangizo kamene anakapangira ntchito ina, themometa ya odwala.

Themometa zakale zinali zazitali ngati rula, ndipo kuti ziwerenge bwino pankapita mphindi pafupifupi 20. Cha m'ma 1867 dokotala wa ku England, Thomas Clifford Allbutt, anapanga yaifupi yolowa m'thumba la jekete, yowerenga m'mphindi zisanu zokha. Kuyeza munthu mmodzi tsiku ndi tsiku kunakhala kotheka. Mu 1868 dokotala wa ku London, William Squire, analemba kuti kutentha kwa thupi la mayi sikukhala pamodzimodzi mwezi wonse, kuti kumakwera msambo usanayambe n'kutsika msambowo ukafika. Anaona zoona, koma chifukwa chake sanachidziwe.

Amene analondola nkhaniyi mwakhama anali dokotala wachizimayi wa ku New York, Mary Putnam Jacobi, ndipo chimene chinamutuma sichinali kubereka ayi. Mu 1873 Edward Clarke, yemwe anaphunzitsapo za udokotala ku Harvard, anatulutsa buku lonena kuti atsikana akamalimbikira maphunziro pa nthawi ya msambo amawononga thanzi lawo ndi ziwalo zoberekera. Jacobi sanayankhe ndi mawu okha. Anafunsa amayi ambiri za umoyo wawo, ndipo ena anawayeza tsiku ndi tsiku kugunda kwa mtima, mphamvu za minofu ndi kutentha kwa thupi. Anapeza kuti thupi la mayi limayenda ngati funde, kukwera msambo usanafike n'kutsika pambuyo pake, ndipo kuti msambo si matenda oti agonetse munthu pamphasa. Nkhani yake inapata mphoto ya Boylston ya ku Harvard mu 1876, n'kusindikizidwa chaka chotsatira. N'zokondweretsa kuti ena mwa matchati oyambirira a kutentha kwa thupi la mayi anajambulidwa ndi mayi, pofuna kuti atsikana asatsekeredwe zitseko za sukulu.

Ngakhale zinali choncho, Jacobi naye sanalumikize kukwerako ndi kutuluka kwa dzira. Ulemu umenewo umapita kwa Theodoor Hendrik van de Velde, dokotala wa amayi wa ku Haarlem m'dziko la Netherlands. Mu 1905 iye anasonyeza kuti mwezi wa mayi wobereka uli ndi zigawo ziwiri, choyamba cha kutentha kotsika ndi chachiwiri cha kutentha kokwera, ndipo kuti zimenezi zikugwirizana ndi ntchito ya thumba la mazira. M'zaka za m'ma 1920 anafika ponena mosabisa kuti chimakweza kutenthako ndi kanthu kachikasu kamene kamatsala m'thumba la mazira dzira likatuluka, komwe madokotala amakatcha kopasi luteyamu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tiyeni tiimepo pang'ono. Dzira limakulira m'kathumba ka madzi. Likakhwima, kathumbako kamaphulika, dzira n'kutuluka kulowera m'chubu chopita ku chiberekero. Chotsalira cha kathumbako sichifa pomwepo; chimasanduka kanthu kachikasu kaja n'kuyamba kutulutsa homoni yotchedwa purojesiteroni, imene imakonza chiberekero kuti chilandire mwana. Homoni yomweyo ikafika ku ubongo, pa kachigawo kolamulira kutentha kwa thupi, imakweza kutenthako ndi madigiri apakati pa 0.2 ndi 0.5. Ngati mayi sanaime, kanthu kachikasu kamafota pakatha pafupifupi masabata awiri, purojesiteroni imachepa, kutentha kumatsika ndipo msambo umayamba. Ngati waima, kamapitiriza ntchito, ndipo kutentha kumakhalabe pamwamba. Ludwig Fraenkel wa ku Breslau anali ataonetsa kale mu 1903 kuti kalulu akamuchotsa kanthuka bere lake silikhala. George Corner ndi Willard Allen a ku Rochester ku Amerika anatengamo madzi okhala ndi mphamvuyo mu 1929, ndipo mu 1934 magulu angapo a akatswiri anapatula homoniyo payokha. Pomwe anayamba kuibaya kwa amayi, anaona kutentha kukukwera, ndipo mawu a van de Velde anatsimikizika.

Tanthauzo lake ndi lakuti themometa siona dzira. Imaona zotsatira za homoni imene imachuluka dzira litapita kale. Tchati chili ngati mapazi a nyama pa dothi lonyowa: chimakuuza kuti yadutsa, osati kuti ikubwera. Mbiri yonse yotsatira ndi ya anthu amene anamvetsa mfundoyi n'kupindula nayo, ndi ena amene anaiiwala n'kukhumudwa.

M'zaka zomwezo madokotala awiri osadziwana, Kyusaku Ogino wa ku Japan ndi Hermann Knaus wa ku Austria, anapeza kuti dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri msambo wotsatira usanayambe. Ogino anaziona ndi maso pochita maopareshoni, akuyang'ana matumba a mazira a odwala ake n'kuyerekeza ndi masiku awo a msambo. Pa zimenezi panabadwa njira yowerengera masiku pa kalendala, imene inafala kwambiri pakati pa Akatolika kuyambira 1930. Vuto lake linali loti imalosera za mwezi uno potengera miyezi yapitayo, pamene thupi silisunga pangano lotero. Matenda, nkhawa, ulendo kapena kuyamwitsa zikhoza kuchedwetsa dzira ndi sabata yathunthu.

Wina amene anakumana ndi vutoli maso ndi maso anali wansembe wa kumudzi ku Germany, m'dera la Aachen, Bambo Wilhelm Hillebrand. Iye ankalangiza mabanja a m'parishi mwake njira ya kalendala, ndipo posakhalitsa amayi atatu amene anatsata malangizo ake anatenga pathupi asakufuna. M'malo mowadzudzula kuti alakwitsa kuwerenga, anakumbukira zimene anawerenga za van de Velde. Mu 1935 anapempha amayi 21 kuti aziyeza kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse, ndipo poyerekeza matchati awo ndi kalendala anaona pomwe kalendala ikunama. Kuyambira pamenepo anayamba kuphunzitsa kuti masiku oyamba a mwezi aziwerengedwa pa kalendala, koma kutha kwa nyengo ya chonde kuzitsimikizidwa ndi themometa. Anasonkhanitsa matchati kwa zaka zoposa makumi awiri, n'kumagawana ndi madokotala, ndipo mu 1959, chaka chimene anamwalira, yunivesite ya Cologne inamupatsa digiri yaulemu ya udokotala. Chimene ndimamulemekezera bamboyu n'chakuti pamene uphungu wake unalephera, anakayikira uphunguwo, osati amayi amene anamukhulupirira.

Kuzipatala nako tchati chinalowa, koma pa chifukwa chosiyana: kuthandiza mabanja osowa mphatso ya mwana. Boris Rubenstein wa ku Cleveland, mu 1937, anayerekeza kutentha kwa thupi ndi kusintha kwa timaselo ta m'njira ya amayi, n'kupeza kuti zikuyendera limodzi. Ku Paris, Raoul Palmer anachita zofanana ndi zimenezi. Mu 1944 Pendleton Tompkins anasindikiza nkhani m'magazini ya bungwe la madokotala a ku Amerika yofotokoza mmene tchati chingagwiritsidwire ntchito, ndipo mapepala okhala ndi timabokosi tolembamo anafala m'zipatala za amayi. Chaka chotsatira Mary Barton ndi Bertold Wiesner a ku London analemba zangati zomwezo mu The Lancet. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu, mayi wopita kwa dokotala kukadandaula kuti sakuima ankabwerako ndi themometa ndi pepala, n'kuuzidwa kuti abwerenso pakatha miyezi itatu.

Panatsala funso lovuta: kodi kukwera kwenikweni n'kuti? Tchati cha munthu weniweni sichikhala chosalala ngati cha m'buku. Chimadumphadumpha, lero pamwamba mawa pansi. Panafunika lamulo loti mayi wamba athe kuligwiritsa ntchito kunyumba kwake popanda dokotala. Gerhard Döring wa ku Munich, amene anaphunzira zambiri kwa Hillebrand, ndi John Marshall wa ku London, katswiri wa matenda a ubongo yemwe ankathandiza bungwe la Akatolika lolangiza mabanja, ndi amene anakhazikitsa lamulo limene likugwirabe ntchito: masiku atatu otsatizana okwera kuposa masiku asanu ndi limodzi a m'mbuyo mwake. Mu 1967 gulu la akatswiri la Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalemba lamuloli kuti masiku atatuwo akhale pamwamba ndi digiri 0.2 kapena kuposa.

Lamuloli limamveka bwino likaikidwa pa tchati, choncho tiyerekeze mayi wina amene akufuna kudziwa ngati dzira lake limatuluka. Tsiku loyamba kuona magazi enieni a msambo ndilo tsiku 1. M'mawa uliwonse, atagona maola angapo osadukiza, amayeza asanadzuke, asanayankhule, asanamwe kanthu, pa ola lomwelomwelo, ndi themometa imodzimodziyo, pamalo pamodzimodzi, tinene kunsi kwa lilime. M'khwapa simudalirika pa ntchitoyi. Themometa yabwino ndi yoonetsa manambala awiri kumanja kwa kadontho, chifukwa chimene tikusaka n'chaching'ono kwambiri. Tsiku 10 walemba 36.30, tsiku 11 walemba 36.40. Tsiku 12 themometa yaonetsa 36.80, koma usiku umenewo anachezera pa maliro ndipo anagona kutacha. Walemba chifukwacho m'mphepete n'kuzunguliza nambalayo kuti isawerengedwe. Tsiku 13 wabwerera pa 36.35, kenako 36.30, 36.25, ndipo tsiku 16 ali pa 36.35. Tsiku 17 wapeza 36.60.

Tsopano amawerenga chobwerera masiku asanu ndi limodzi abwinobwino, kulumpha la maliro lija: 16, 15, 14, 13, 11 ndi 10. Lokwera kwambiri mwa amenewa ndi 36.40, ndipo amajambula mzere wopingasa pamenepo. Tsiku 17 lili pamwamba pa mzere ndi 0.2, koma tsiku limodzi si umboni. La maliro lija nalonso linali pamwamba, n'kutsika mawa lake. Tsiku 18 wapeza 36.65, tsiku 19 wapeza 36.70. Apa ndiye lamulo lakwana. Pa tsiku 19 mayiyu akhoza kunena kuti dzira linatuluka, mwina tsiku 15, 16 kapena 17, ndipo tchati sichingamusankhire limodzi mwa atatuwa. Kutentha kwakhala pamwamba mpaka tsiku 29, n'kutsika, ndipo msambo wayamba mawa lake. Chigawo chokwera chatenga masiku 13, zimene zili bwino. Chikanakhala chosakwana masiku khumi mwezi ndi mwezi, inali nkhani yoti akaonetse dokotala. Chikanapitirira masiku 18 osatsika, inali nthawi yoyezetsa mimba. Ndipo mzere ukanakhala wosakwera mwezi wonse, tikanaganiza kuti mwina dzira silinatuluke, monga zimachitikira kawirikawiri kwa oyamwitsa, kwa atsikana ongotha msinkhu kumene, kwa oyandikira kusiya kusamba, ndi kwa amene mahomoni awo asokonekera.

Taonani chimene tchatichi chamupatsa mayiyu, ndi chimene sichinamupatse. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo kwa maola 12 mpaka 24 okha. Pofika tsiku 19, pamene umboni wakwana, dziralo linafa kale. Banja limene limadikira kuti kutentha kukwere kuti likhale malo amodzi pofuna mwana limafika mochedwa mwezi uliwonse. Ili ndi phunziro limene mabanja ambiri a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 analiphunzira ndi misozi, chifukwa ena ankauzidwanso kuti adikire katsiku kamene kutentha kumatsika pang'ono kusanakwere, pamene kutsikako sikuoneka pa matchati ambiri. Marshall mwiniyo, pamodzi ndi katswiri wa masamu John Barrett, anasonyeza mu 1969 kuchokera pa matchati a mabanja 241 kuti mimba zambiri zimachokera m'masiku a kutentha kusanakwere. Mu 1995 Allen Wilcox ndi anzake ku North Carolina, poyeza mahomoni mu mkodzo wa amayi 221, anatsimikiza kuti nyengo ya chonde ndi masiku asanu ndi limodzi, asanu dzira lisanatuluke ndi tsiku lotulukalo, popeza mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi la mayi mpaka masiku asanu. Phindu la tchati kwa wofuna mwana ndi la miyezi yotsatira: mayi wathu uja akaona miyezi itatu kuti kukwera kumabwera cha pa tsiku 17, adziwa kuti masiku ake ofunika ndi kuyambira cha pa 11 mpaka 16, osati 14 yekha monga amanenera anthu.

Kwa olera, mfundo yomweyo inaonekera m'manambala. Mu 1968, chaka chimene Papa Paulo VI anatulutsa kalata yake Humanae Vitae yokana njira za mankhwala, Marshall anasindikiza zotsatira za mabanja 502. Amene ankakhala malo amodzi pokhapokha kukwera kutatsimikizika anali ndi mimba zosayembekezera 6.6 pa amayi 100 pa chaka. Amene ankagwiritsanso ntchito masiku oyamba a mwezi, powerengera pa kalendala, anali ndi 19.3. Themometa inali yolimba pa zimene zachitika kale; kufooka kunali pomwe anthu ankalosera. N'chifukwa chake Josef Rötzer wa ku Austria anaiphatikiza ndi kuona chikazi, chinyezi chotanuka chimene chimabwera dzira lisanatuluke, kuti chikazi chizichenjeza ndipo themometa izitsimikiza. John ndi Evelyn Billings a ku Melbourne anapita patsogolo n'kusiya themometa, kudalira chikazi chokha, ndipo njira yawo inafala msanga m'maiko osauka chifukwa sinkafuna kugula kanthu. Mu Afirika, chisumbu cha Mauritius ndi chimene chinatchuka ndi themometa: bungwe la Action Familiale, lomwe linayamba mu 1963, linaphunzitsa mabanja ambirimbiri, ena osapita patali ndi sukulu, kulemba ndi kuwerenga matchati awo.

M'zaka za m'ma 1970 kunabwera mboni yoposa themometa. Makina a sikani anayamba kuonetsa kathumba ka dzira kakukula tsiku ndi tsiku mpaka kuphwa, ndipo kuyeza mahomoni m'magazi kunakhala kosavuta. Tchati chinayesedwa ndi miyeso yatsopanoyi, ndipo malire ake anaonekera. Kamran Moghissi wa ku Detroit anapeza mu 1976 kuti pa miyezi imene magazi ankasonyeza kuti dzira latuluka, pafupifupi umodzi mwa isanu tchati sichinkaonetsa kukwera komveka. Ndiye kuti mzere wosakwera si chigamulo chakuti mayi alibe mazira. Kunapezekanso zosiyana ndi zimenezi: nthawi zina kathumba kamasanduka kachikasu n'kutulutsa purojesiteroni osaphulika, dzira lili m'kati momwemo, ndipo tchati chimakwera bwinobwino. Komanso madokotala osiyana akapatsidwa tchati chimodzi ankaloza masiku osiyana. Pa zifukwa zimenezi, bungwe la ku Britain lopereka malangizo kwa madokotala, NICE, limanena kuti tchati cha kutentha sichilosera modalirika kutuluka kwa dzira, ndipo limalimbikitsa kuyeza purojesiteroni m'magazi pakatikati pa chigawo chachiwiri cha mwezi. Ngakhale apo, tchati chili ndi thandizo lake. Anthu anazolowera kunena kuti magaziwo atengedwe tsiku 21, koma zimenezo ndi za mwezi wa masiku 28. Kwa mayi wathu uja tsiku loyenera ndi cha pa 23, ndipo kwa amene kutentha kwake kumakwera tsiku 24, kuyeza tsiku 21 kungapereke yankho labodza lakuti dzira silituluka.

Ambiri ankayesa kuti themometa yatha ntchito, makamaka pomwe timapepala toyezera homoni ya LH mu mkodzo tinayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1980. Koma timapepalato timachenjeza kuti thupi likukonzeka kutulutsa dzira pakapita tsiku limodzi kapena awiri, osatsimikiza kuti latulukadi, ndiye ziwirizi zimathandizana m'malo molimbana. Ndipo foni za m'manja zinabweza tchati m'nyumba zambiri. Elina Berglund, katswiri wa sayansi wa ku Sweden amene ankagwira ntchito ku CERN, anapanga ndi mwamuna wake pulogalamu ya Natural Cycles, imene boma la Amerika linaivomereza mu 2018 ngati njira yolera. Tsopano kulinso mphete ndi mawotchi oyeza kutentha kwa khungu munthu ali m'tulo. Masamu asintha, pepala lasanduka galasi la foni, koma chimene chikuyezedwa ndi chomwe chija van de Velde anaona, ndipo chimabwerabe dzira litadutsa.

Kwa ife kuno pali zinthu ziwiri zoti tisaziphonye. Choyamba ndi malungo. Kukwera kumene tikusaka ndi kwa digiri 0.2 kapena 0.3, pamene malungo, chimfine kapena matenda a m'njira ya mkodzo amakweza thupi ndi digiri yathunthu kapena kuposa. Masiku odwala salowa m'chiwerengero, ndipo matenda akagwa pakati penipeni pa mwezi, tchati cha mwezi umenewo sichinganene kanthu. Chimodzimodzi mowa wa dzulo lake, kugwira ntchito usiku, kudzukadzuka ndi mwana wodwala, kapena kusintha themometa mwezi uli pakati. Amene ali pa mapiritsi olera, jakisoni kapena kapakhungu asavutike n'kuyeza, chifukwa mankhwalawo ali ndi homoni yofanana ndi purojesiteroni ndipo mzere wake sunena za dzira.

Chachiwiri n'chachikulu. M'mabanja mwathu, mwana akachedwa, chala chimaloza mkazi, ndipo amamva mawu opweteka kuchokera kwa apongozi ndi alamu mwamuna asanayezedwe n'komwe. Tchati chokwera bwino miyezi itatu chimanena chinthu chimodzi chokha, kuti mwachionekere mazira akutuluka. Sichinena ngati machubu ali otseguka, pamene kutsekeka kwa machubu chifukwa cha matenda opatsirana pogonana kapena matenda obwera pambuyo pa uchembere kapena kupita padera ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kusabereka kuno ku Afirika. Sichinenanso kanthu za mbewu ya bambo, imene imakhala ndi mbali m'mabanja ambiri osowa ana. Tchati chabwino pa banja losaona mwana si chifukwa chodikirabe, koma chizindikiro chakuti vuto lifunidwe kwina.

Choncho ngati mwakhala chaka chathunthu mukuyesa osaima, kapena miyezi isanu ndi umodzi pamene mayi wapitirira zaka 35, musawonjezere miyezi ina yoyeza. Tengani matchati amene muli nawo mupite nawo kuchipatala, ndipo mupite nonse awiri, bambo ndi mayi, kuti aliyense ayezedwe.